Tsamba Lachisanu la a Bwerezani

Mayi amene tinkawatchula kuti a Bwerezani anagwira ntchito pakampani yosindikiza mabuku zaka 36, koma palibe amene anawaonapo akuwerenga buku. Malo awo anali pa tebulo lalitali la kumapeto, pomwe mapepala ochoka pamakina opinda amasanjidwa asanasokedwe. Ankanyamula buku, n'kulikhotetsa ndi chala chachikulu, masamba n'kumathamanga, maso awo ali pangodya ya m'munsi pomwe pamakhala nambala. Kaya bukulo ndi la masamu, la nyimbo kapena la matenda a nkhuku, izo zinali za eni ake. Iwo ankangofuna kuti 48 itsatidwe ndi 49. Tsamba likasowa, kapena likabwera kawiri, sankakalipa ayi. Ankangokankhira mulu wonse kwa wosanja n'kunena mawu amodzi okha, bwerezani, ndipo dzina linachokera pamenepo. Atsikana angapo analirirapo kuchimbudzi chifukwa cha mawu amenewo, wina mpaka anasiya ntchito.

Kunyumba analinso chimodzimodzi. Akakhoma chitseko ankabwerera kukagwedeza loko, nthawi zina atafika kale pamalo okwerera basi. Malisiti a magetsi a zaka makumi awiri anali m'katoni, atasanjidwa mwezi ndi mwezi. Amuna awo, dalaivala wofatsa amene anamwalira asanakalambe, ankanena moseka kuti m'nyumba mwawo ngakhale mphemvu zinali ndi manambala. Anabereka mwana mmodzi, wamwamuna, amene anakula akubwereza chilichonse: kuyala bedi, kutsuka mbale, ngakhale kupereka moni. Anadzakhala wokonza zamagetsi, ntchito yomuyenera munthu wozolowera kuona kawiri.

Pali chinthu chimodzi chimene a Bwerezani sankachitchula. Amayi a amuna awo atafooka miyendo, anabwera kudzakhala nawo, ndipo a Bwerezani anawaika m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, kosungiramo makala ndi njinga yakufa. Sanawamenye, sanawatukwane. Ankangodula sopo panayi n'kuwapatsa chidutswa chimodzi pamwezi, ndipo babu ya m'kachipindako anaichotsa, ati nkhalamba imaiwala kuzimitsa. Nkhalambayo inakhalamo zaka zitatu ikupempha chilichonse ndi mawu a pansipansi, mpaka inafa. Kuyambira pamenepo a Bwerezani ankaopa chinthu chimodzi chokha padziko, kuposa akuba, kuposa imfa: kudzathera m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mkazi wina. Ankadziwa bwino zimene zimachitika m'menemo, poti anazichita okha.

N'chifukwa chake atapuma ntchito anagulitsa nyumba yaikulu ija n'kupanga lendi fulati ya zipinda ziwiri pansanjika yachiwiri, moyang'anana ndi sitolo ya mankhwala. Ndalama za nyumbayo anaziphatikiza ndi za penshoni zimene analandira pakamodzi, zonse n'kuzitsekera kubanki. Chaka chilichonse banki inkawonjezera chiwongoladzanja, iwo n'kumagona tulo tabwino poona nambala ikukula. Anachedwa kuzindikira kuti mitengo ya zinthu ikukwera mothamanga kuposa chiwongoladzanjacho. Nambala inkakuladi, koma thumba lochokera kumsika linkapepuka. Mwana wawo ndiye anawakakamiza kukaonana ndi mlangizi wa zachuma, ndipo anavomera atakana miyezi isanu ndi umodzi.

Mlangiziyo anali mayi wa zaka za m'ma 40, wovala magalasi a chingwe, wolankhula pang'onopang'ono ngati namwino. Ulendo woyamba a Bwerezani anapita okha. Mlangizi anawafunsa mafunso a papepala, ndipo pa funso loti angatani ndalama zawo zitatsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, anayankha kuti akhoza kudwala. Mlangizi anaseka, n'kulemba kuti ndi munthu wosamala kwambiri. Anawafotokozera kuti ndalama saziika pamalo amodzi. Zina zimakhala pafupi, zoti munthu akazifuna mawa azipeza. Zina amabwereketsa boma kapena makampani aakulu pogula mabondi, omwe amabweza chiwongoladzanja chodziwikiratu. Zina amagulira masheya, omwe pa zaka zambiri amakula kuposa zonse koma chaka china amagwa chagada. Kwa munthu wonga iwo, wa zaka 67, amene ndalama ziyenera kumusunga mwina zaka zina 25, anati masheya sangapitirire 30 peresenti, mabondi akhale theka, zotsalazo zikhale pafupi. A Bwerezani sanamve zonse, koma manambalawo anawasunga, poti manambala ndiwo anali chinenero chawo. Anagwirizana kuti akumanenso pakatha miyezi iwiri, mlangizi atakonza dongosolo lonse.

M'miyezi iwiri imeneyo m'mimba mwawo munayamba kuvuta. Chakudya chinkabwerera, masiketi anayamba kugwa m'chiuno. Mwana wawo anawatengera kuchipatala, anawajambula, anawatenga kachidutswa kokayeza. Tsiku la zotsatira dokotala anawauza kuti adikire pabenchi, n'kuitana mwanayo yekha. Mwanayo anatuluka maso ali psuu, akuti ndi chimfine, n'kuwauza kuti ndi zilonda za m'mimba zimene zimafuna mankhwala ndi kudekha. Kuyambira tsiku limenelo mpongozi wawo, mkazi wa mwanayo, mphunzitsi wa kusukulu ya mkaka amene kale ankabwera kawiri pachaka, anayamba kubwera Loweruka lililonse atanyamula zipatso. A Bwerezani ankaziwerenga zipatsozo mpongozi akachoka, n'kumadzifunsa kuti chikondi chadzidzidzi chotere chikufuna chiyani.

Tsiku lokaona dongosolo anapita atatu. Chipinda chake chinali chozizira, tebulo lagalasi, mipando isanu ndi umodzi, pulojekita yolendewera kudenga ndi khoma loyera. Mwana anakhala kumanja kwa amayi ake, mpongozi kumanzere, ngati akuperekeza munthu kukhoti. Mlangizi anatsegula kompyuta n'kunena kuti wakonza masilaidi ochepa, osatopetsa, ndipo mayi afunse paliponse pomwe sakumva.

Silaidi yoyamba inali ndi dzina lawo ndi tsiku. Yachiwiri inaonetsa zimene ali nazo lero: bwalo la mtundu umodzi, ndalama zonse kubanki, ndi mizere iwiri pambali, wa mitengo ya zinthu uli pamwamba pa wa chiwongoladzanja. Yachitatu inali ndi mutu woti zimene munatiuza, ndipo pansi pake panali mawu awo omwe: safuna kutaya, safuna kupempha munthu, safuna kusamuka pafulati. A Bwerezani anagwedeza mutu, zinawakomera kuona mawu awo pakhoma. Yachinayi inali ndi zidebe zitatu zojambula, cha ndalama za pafupi, cha mabondi ndi cha masheya, chilichonse ndi ntchito yake. Kenako mlangizi anadina, pakhoma n'kubwera bwalo lamitundu itatu. Chigawo chobiriwira, cha ndalama za pafupi, chinali 25 peresenti. Chachikasu, cha mabondi, 15. Chofiira chinadya bwalo lonse lotsala, masheya 60 peresenti.

Mlangizi anafulumira pang'ono pamenepa, n'kupita pa yotsatira, yoonetsa chaka choipa. Anati masheya atagwa ndi 30 peresenti, zina zitakhala momwemo, chuma chonse chingatsike ndi 18 pa 100 iliyonse, koma sipangafunike kugulitsa masheya ali pansi chifukwa chidebe chobiriwira chilipo. Mwana ankavomera ndi mutu mwamphamvu kuposa mmene nkhaniyo inkafunira. Mpongozi ankayang'ana zikhadabo zake.

A Bwerezani sankayang'ana bwalo lija. Maso awo, mwa chizolowezi cha zaka 36, anali pangodya ya m'munsi, pomwe panali kanambala kotuwa kamene munthu wina aliyense sakanakaona.

"Bwererani," anatero.

Mlangizi anabwerera pa bwalo lamitundu itatu.

"Iyi ndi 6. Bwererani kamodzinso." Zidebe zitatu zinaonekera. "Iyi ndi 4. Yachisanu ili kuti?"

Anthu ambiri sadziwa, ndipo mlangizi tsiku limenelo anaiwala, kuti silaidi ukaibisa pakompyuta siichoka ayi. Imangodumphidwa poonetsa, koma nambala yake imaisunga, ndipo zinzake sizisuntha kuti zitseke mpata. Mlangizi anati ndi silaidi ya zowerengera za mu ofesi, zosafunika kwenikweni. Mwana anati amayi asadzivute ndi tinthu ting'onoting'ono, nthawi ikutha. Mpongozi anafunsa ngati akufuna madzi. Mayankho atatu pa funso limodzi, ndipo a Bwerezani anali atamvapo mayankho otere kwa osanja masamba mazanamazana.

Anapinda manja pachikwama chawo n'kunena modekha kuti miyezi iwiri yapitayo, m'chipinda chomwechi, anauzidwa kuti masheya sangapitirire 30. Lero ali 60. Iwo sanasinthe, mantha awo sanasinthe, ndiye chasintha n'chiyani? Pakati pa zidebe ndi bwalo pali tsamba limene likufotokoza, ndipo ndalama ndi zawo, dzina lili patsamba loyamba ndi lawo.

Tinene zoona, mlangizi uja sanali wakuba. Anali munthu amene anamvera chisoni mwamuna wamkulu, mwana wa a Bwerezani, akulira mu ofesi mwake, n'kuvomera chinthu chimene ntchito yake siilola: kukonza dongosolo la munthu pa mfundo imene mwini wakeyo sakuidziwa. Anavula magalasi, anayang'ana mwanayo, n'kunena kuti kasitomala wake ndi mayi, ndipo sangawakanize. Mwana anaimirira, n'kukhalanso. Mlangizi anatuluka m'chionetsero, anadina kasilaidi kotuwa kamene kanali kumanzere kwa kompyuta, ndipo tsamba lachisanu linadzaza khoma.

Mutu wake unali woti mfundo zimene dongosololi laimapo. Panali mizere inayi. Woyamba unati, malinga ndi zimene dokotala anauza banja, mayi akuyembekezeka kugwiritsa ntchito ndalamazi kwa miyezi 24 kapena kucheperapo. Wachiwiri unati zotsala zidzapita kwa olowa m'malo, amene nthawi yawo ndi yaitali, zaka 20 kapena kuposa, n'chifukwa chake gawo la masheya lakwezedwa.

A Bwerezani anawerenga mizere iwiriyo n'kuleka. Umu ndi mmene anamvera kuti ali ndi khansa: pakhoma la ofesi, m'zilembo zabuluu, pansi pa chizindikiro cha kampani. Koma chimene chinawabaya kwambiri sichinali imfa ayi, chinali masamu ake. Anthu awa anakhala pansi, anawerenga miyezi yawo, anaichotsera, n'kuyamba kulima m'munda mwini wake akadali momwemo. Zipatso za Loweruka zija tsopano zinamveka.

"Amayi," anatero mwana, "werengani mpaka pansi."

"Ndawerenga."

"Simunamalize, amayi. Mzere wachitatu."

"Iwe, zaka zonsezi ndakhala ndikukuuza kuti ukabisa chinthu uzibisa bwinobwino. Ngakhale ichi walephera." Anatembenukira kwa mpongozi. "Inu apongozi, miyezi 24 muipirira? Kapena tiwapemphe mayiwa achepetseko?"

Mpongozi analira. Mlangizi anapepesa, anayesa kufotokoza kuti dongosolo likhoza kukonzedwanso mmene mayi akufunira, lero lomwe, ndipo palibe chimene chasainidwa. A Bwerezani anangopempha kuti awasindikizire masamba onse, lachisanu lomwe. Atawalandira anawakhotetsa ndi chala chachikulu, anaona kuti 1 mpaka 9 zilipo, anawaika mu envelopu n'kutuluka. Anakana galimoto ya mwana wawo, anakwera basi.

Sabata imeneyo mwana anaimba foni maulendo osawerengeka, iwo osayankha. Anabwera kudzagogoda, anaima pakhonde ola lathunthu akulankhula ndi chitseko, iwo atakweza wailesi. Analemba kalata n'kuilowetsa pansi pa chitseko, iwo anaiika mu envelopu yomwe ija osaitsegula. Anthu ouma mtima amakhala ndi mphamvu yodabwitsa akalakwiridwa zenizeni, chifukwa moyo wawo wonse amakhala akudikira tsiku limeneli. A Bwerezani anadzuka m'mawa uliwonse ali ndi nyonga zimene anali atazisowa miyezi yambiri.

Lolemba lotsatira anavala diresi ya kutchalitchi n'kupita kukampani ina ya inshuwalansi, tsidya lina la tauni. Anali atamva kwa mnzawo wakale wa kuntchito za penshoni yogula: umapereka ndalama zako zonse kamodzi, kampani n'kumakulipira mwezi uliwonse mpaka tsiku lomwalira, ndipo ukamwalira nkhani yatha. Bambo amene anawalandira anachita mbali yake, tisamunamizire. Anawauza kuti angasankhe yoti malipiro azikwera chaka ndi chaka potsata mitengo, kungoti imayamba ndi ndalama zochepa. Iwo anakana. Anawauza kuti angaike zaka khumi zotsimikizika, kuti akamwalira msanga abale azilandirabe mpaka zakazo zitakwana. Apa a Bwerezani anamwetulira koyamba m'sabata yonse, n'kufunsa kuti popanda zimenezo, atafa chaka chamawa, mwana wawo adzalandira zingati. Bamboyo anati palibe, ngakhale khobidi. Anawachenjezanso kuti ndalama zikalowa sizitulukanso, sangadzabwere kudzatapako zambiri pakagwa vuto, ndipo si nzeru kuikamo zonse. Iwo anati abweretse posaina.

Panali masiku 30 oti munthu asinthe maganizo. Anawachonga pakalendala ya kukhitchini limodzilimodzi, ndipo pa tsiku la 31 anaimbira mwana wawo, n'kumuuza zimene achita, mawu ali phee ngati akumuuza za nyengo. Kenako mwana anangofunsa ngati akumwa mankhwala.

Chaka choyamba chinali chokoma, ndipo a Bwerezani sanadyepo ndalama mmene anadyera chaka chimenecho. Malipiro a pamwezi ankakwanira lendi, chakudya, mankhwala, n'kutsalako. Anagula makatani atsopano ndi mpando wofewa. Munthu amene ankadula sopo panayi anayamba kugula wonunkhira, n'kumamusiya asungunuke m'madzi. Mpongozi akabwera, poti ankabwerabe ngakhale mwa apo ndi apo, ankamuonetsa chilichonse n'kumutchulira mtengo wake. Ankakonzekera kufa mwezi wa 24 usanakwane, m'fulati mwawo, pabedi pawo, atadya zonse.

Koma thupi silinawerenge silaidi ija. Madokotala amapereka miyezi yawo mongoyerekeza, ndipo matenda a a Bwerezani anali aulesi. Mwezi wa 24 unafika n'kudutsa iwo akutsikabe masitepe kukagula buledi. Chimene sichinachite ulesi ndi mitengo. Lendi inakwera kawiri, mankhwala anakwera katatu, malipiro a kampani ali pomwe paja, tsiku lomwelo, nambala yomweyo, osaphonya ngakhale mwezi umodzi. M'chaka chachitatu dokotala anati pali opaleshoni yotsegula njira ya chakudya imene ingawapepukitse, koma chipatala chimene chinkaichita msanga chinkafuna ndalama zambiri pakamodzi. A Bwerezani anapita kukampani ija ndi ndodo. Bambo uja anawalandira mwaulemu, anawapatsa tiyi, n'kuwaonetsa pomwe anasaina. Mwana ndiye analipira, atagulitsa galimoto yake ya ntchito, ndipo sananene chilichonse. Kusanena kwakeko kunawawawa kuposa chilonda cha opaleshoni.

Atatuluka m'chipatala miyendo inakana masitepe. Pankafunika munthu wowatembenuza, wowasambitsa, wowaperekeza kuchimbudzi, usana ndi usiku. Malipiro a pamwezi akanatha kulipira lendi kapena munthu wotero, osati zonse ziwiri. Anayesa miyezi itatu ndi mayi wina wobwera m'mawa okha, mpaka tsiku lina mwana anawapeza pansi m'bafa, atagona pamenepo kuyambira dzulo lake masana. Sipanakhalenso zokambirana. Makatani atsopano aja anapindidwa, mpando wofewa unagulitsidwa chifukwa kumene ankapita sukanalowa.

Nyumba ya mwana wawo inali ya zipinda ziwiri zogona, china cha eni ake, china cha ana awo aakazi atatu. Kuseri kwa khitchini kunali kachipinda kosungiramo mawaya, makwerero ndi zitini za penti. Mwana anakasesa, anapakamo laimu, anaikamo babu yowala bwino ndi switchi pafupi ndi bedi. A Bwerezani atalowetsedwa anayang'ana babuyo nthawi yaitali.

Mpongozi sanawamenye, sanawatukwane. Ankawasambitsa m'mawa asanapite kuntchito, mwachangu, manja ali gwa, osalankhula. Chakudya chinkabwera pa nthawi yake, n'kuchotsedwa pa nthawi yake, chadyedwa kaya sichinadyedwe. Akaitana, ankayankhidwa kachitatu. Galimoto ija itapita, ntchito za mwamuna wake zinachepa, mdzukulu wamkulu wa a Bwerezani anasiya koleji atangophunzira chaka chimodzi, ndipo zonsezi mpongozi ankazinyamula pankhope polowa m'kachipindako. Malipiro a kampani ankathera matewera ndi mankhwala oletsa ululu. A Bwerezani anayamba kupempha zinthu ndi mawu a pansipansi, ndipo tsiku lina anadzimva okha n'kuzindikira kuti mawuwo anawamvapo kale m'nyumba ina.

Loweruka lina masana mpongozi ankafuna malo oika mabotolo a mankhwala, n'kutsitsa katoni ya malisiti a magetsi kuti akaitaye. Pamwamba pake panali envelopu ija. Anaitsegula ataima, anaona masamba asanu ndi anayi ndi kalata yosatsegula ya mwamuna wake. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Amayi, kalata iyi simunaitsegule?"

"Ndinkadziwa zimene zili m'menemo."

"Nanga tsamba ili munalimaliza?"

A Bwerezani anati masamba onse alipo, anawaona okha. Mpongozi anasolola lachisanu, anawaika magalasi pamphuno mosanyengerera, anayatsa babu ngakhale kunali masana, n'kuwagwiritsa pepalalo m'manja.

"Ine ndinkafuna masheya aja, sindikana," anatero. "Ndili ndi ana atatu. Koma zobiriwira zija sindinaike ndine. Ndinakangana ndi mwana wanu sabata yathunthu kuti zachuluka. Werengani, muli ndi nthawi."

Anatuluka ndi katoni ya malisiti, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

Mizere iwiri yoyamba a Bwerezani ankaidziwa pamtima. Anatsitsa chala. Wachitatu unati gawo la ndalama za pafupi lakwezedwa kufika 25 peresenti, kuposa zimene mayi amagwiritsa ntchito panopa, kuti lilipire lendi ya fulati ndi anamwino awiri osinthana usana ndi usiku. Ili ndi pempho la mwana wawo, amene wanenetsa kuti mayi asadzasamutsidwe pakhomo pawo zivute zitani. Wachinayi unati mayi akadzapitirira miyezi 24, mabondi adzagulitsidwa poyamba, kenako masheya, mpaka zonse ngati pangafunike, ndipo olowa m'malo avomereza.

Anawerenga kawiri, monga mwa chizolowezi chawo. Kunja ankamva mpongozi akukhuthula malisiti a zaka makumi awiri m'bini, ndi mwana wawo akukokera makwerero pakhonde, akubwera wapansi kuchokera kuntchito. Anafuna kumuitana. Anatsegula pakamwa, dzina linatuluka ndi mawu a pansipansi aja, ndipo m'khitchini madzi ankatuluka pampopi mwamphamvu. Palibe amene anamva.